Kalata ya bwana yopempha khoti kuti lichepetse chilango cha wantchito

“Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba muno mu Zomba. Bambo amene wandigwirira ntchito zaka 17 wavomera mlandu wovulaza mnzake pa mkangano wa malire a munda ku Chinamwali, ndipo akudikira chilango. Ndikufuna kulembera woweruza kalata yomupepesera. Ndilembe zotani, ndipo ndikaipereke kwa ndani?”

Bambo, ndiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri a mtima wabwino amalakwitsa. Musakapereke kalatayo kwa majisitireti mwamseri, kaya ku ofesi yake kaya kudzera mwa munthu wodziwana naye, pakuti zotere zimaoneka ngati kufuna kukhotetsa chigamulo. Kalatayo muipereke kwa loya wa wantchito wanu, ndipo ngati alibe loya, apite nayo yekha n'kuipereka m'bwalo pa nthawi imene khoti lamupatsa mwayi wonena madandaulo ake, woimira boma pa mlanduwo akuona. Ngati alibe ndalama zolipira loya, angathe kupempha thandizo ku ofesi ya Legal Aid Bureau ya muno mu Zomba. Inunso mukakhalepo tsikulo, chifukwa khoti lingafune kukufunsani pa zimene mwalemba.

Kalatayi ili ndi malo ake m'malamulo. Gawo 340 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni limati munthu wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litakhutira kuti palibe njira ina yoyenera yomulangira, ndipo gawo 339 limalola khoti kuimika chilango cha kundende, kapena kulamula kuti munthuyo azikhala kwawo n'kumagwira ntchito zothandiza anthu. Choncho ntchito ya kalata yanu ndi kusonyeza woweruza kuti njira inayo ilipodi, ndiponso kuti pali munthu wodalirika amene adzakhala akumuona tsiku ndi tsiku.

Muyambe ndi kudzitchula, kutchula sitolo yanu ndi nambala ya mlandu, kenako munene mosabisa kuti mukudziwa mlandu umene wavomera. Chiganizo chimenechi n'chofunika kwambiri, chifukwa woweruza akaganiza kuti bwana walemba asakudziwa zimene zinachitika, zabwino zonse zimene zalembedwa sizimugwira mtima. Musalembe kuti wovulazidwayo ndiye anayamba, kapena kuti wantchito wanu sangachite zotere. Mlandu unatha pamene iye anavomera, ndipo kuutsegulanso kungachititse khoti kukayika ngati akumvadi chisoni.

Pa za khalidwe lake, mawu akuti “ndi munthu wabwino ndi wolimbikira ntchito” sathandiza, poti bwana aliyense amalemba zomwezo. Lembani zimene munaona ndi maso anu. Ngati zili zoona, mungalembe motere: “Olemekezeka, bamboyu anayamba ntchito yonyamula matumba a simenti, ndipo lero ndiye amasunga makiyi a nyumba yosungiramo katundu ndi kukasiya ndalama ku banki. Pa zaka 17 sindinamuonepo akumenyana ndi wogula kapena wantchito mnzake.” Chiganizo chomalizachi ndicho cholemera kuposa zonse, chifukwa mlandu wake ndi wa ndewu, ndipo chimene khoti likufuna kudziwa n'chakuti kodi ndewu ndi khalidwe lake kapena linali tsoka la tsiku limodzi. Ngati munamuchenjezapo chifukwa chokangana ndi wina pa ntchito, musalembe kuti sanalakwepo. Munene zimene zinachitika ndi mmene anasinthira, pakuti bodza limodzi likadziwika kalata yonse imagwa, ndipo inunso mungadziike m'mavuto.

Kenaka munene momveka za ntchito yake. Kodi akapatsidwa chilango chosapita kundende, ntchito ikumudikira? Kodi mudzamulola kuchoka maola ena kuti akagwire ntchito imene khoti lalamula, kaya pa chipatala kaya pa sukulu? Kodi mungamubwereke ndalama zoti alipire chipukuta misozi kwa wovulazidwayo, n'kumamudula pang'onopang'ono pa malipiro? Lonjezani zokhazo zimene mudzachitedi. Ngati simungathe kumusungira malo kupitirira miyezi itatu akakhala kundende, lembani miyezi itatu yomweyo. Za ana ndi mkazi mungazitchule mwachidule, koma musadalire kwambiri pamenepo, chifukwa makhoti amanena kawirikawiri kuti wopalamula anayenera kuganizira banja lake asanalakwe.

Musauze woweruza chilango choti apereke. Mungopempha mwaulemu kuti aganizire chilango chosapita kundende. Dziwaninso kuti ngati munthuyo anavulala kwambiri, kapena panagwiritsidwa ntchito chikwanje kapena khasu, khoti lingathe kumutumizabe kundende ngakhale ali wopalamula koyamba, ndipo pamenepo kalata yanu ingangothandiza kufupikitsa nthawiyo. Tsamba limodzi ndi lokwanira. Muikepo tsiku, musaine, mudinde chidindo cha sitolo, ndipo mukonze makope atatu: la khoti, la woimira boma, ndi lanu losunga.