R2,000 yachoka ku Joni, pa Ngabu yafika K182,400: zina zatsalira kuti?

"Achimwene anga ali ku Joni ananditumizira R2,000. Tsiku lomwelo ndinaona pa foni kuti randi imodzi ili pa K100, ndiye ndimayembekezera K200,000, koma kunalowa K182,400. Risiti yawo ndi iyi ndakutumiziraniyi. Mwezi uno atumizanso zokhomera nyumba, zakanidwa, akuti limiti. Kodi ndi ajenti akundidyera, kapena achimwenewo akundinamiza? Ndine mayi wa pa Ngabu."

Mayi, ajenti asiyeni kaye, achimwene anunso sananame. K17,600 imene mukuyifunayo ili pa risiti pomwepa, kungoti inagawika pawiri, ndipo gawo limodzi lokha ndi limene kampani imalitchula mokweza.

Lotchulidwalo ndi chaji. Risiti ikuti achimwene anapereka R2,000, chaji R100. Zimene zinauyamba ulendo wa kuno ndi R1,900, chifukwa chajiyo anaidula m'kati mwa ndalama zomwezo. Makampani ena amaiika pamwamba, munthu n'kulipira R2,100 kuti R2,000 ifike yathunthu. Zonse ziwiri n'zololedwa, ndipo pangano limene achimwene anavomera potsegula akaunti limanena kuti iwo amatsata iti. Pa mtengo munauona uja, R100 ndi K10,000. Kwatsala K7,600.

Imeneyo ili mu reti. K100 ya pa intaneti ija ndi mtengo wapakati, pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira ndalama kumisika ikuluikulu, ndipo munthu wamba sasintha ndalama pa mtengo umenewo. Ganizirani vendala wa chimanga pa Nchalo. Akagula thumba kwa mlimi pa mtengo wina n'kukugulitsani pa mtengo wina, sakuuzani kuti wakutchajani kanthu, phindu lake lili kale mu mtengomo. Kampani ya achimwene inagula marandi awo pa K96. Pa randi iliyonse inasunga K4, ndipo K4 kuchulukitsa ndi 1,900 ndi K7,600 ndendende. M'pangano zimenezi amazilemba mu chiganizo chimodzi chofatsa, chonena kuti reti amaika okha ndipo akhoza kupezapo phindu posintha ndalama. Kuba si kuba, poti analemba. Koma ine chimandinyansa n'chakuti chaji amailemba ndi zilembo zazikulu pa chikwangwani, pamene ichi amachisiya kuti uchifufuze wekha.

N'chifukwa chake chaji yotsika siyenera kukukopani. Tiyerekeze kuti pali kampani ina yotchaja R30 yokha, koma reti yake ndi K91. Achimwene akapereka R2,000 yomweyo, yotumizidwa ndi R1,970, ndipo inu mulandira K179,270. Chaji yatsika ndi R70, koma m'manja mwanu mwachepa K3,130. Ndalama zikamachuluka m'pamene kusiyanaku kumakula, chifukwa reti imadya pa randi iliyonse.

Funso loti achimwene azifunsa ndi limodzi: ndikapereka R2,000 yonse pamodzi ndi chaji, mlongo wanga alandira makwacha angati? Pa foni pamaoneka mzere wa mawu ngati `Recipient gets` munthu asanavomereze. Ayerekeze nambala imeneyo pa makampani awiri kapena atatu nthawi yomweyo, osati wina lero wina mawa, popeza reti imasintha ngakhale tsiku lisanathe.

Aonenso m'pangano kuti reti imamangidwa liti. Ambiri ku Joni amapanga oda pa foni kenako n'kukalipira pa thilu m'sitolo, ndipo oda imakhala ndi nthawi yake yothera. Ikatha, amapanga ina pa reti ya nthawi imeneyo. Masiku ambiri kusiyanako kumakhala kochepa, koma kumbukirani kuti mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa kwacha ndi 44 peresenti kamodzi n'kamodzi. Pa tsiku ngati limenelo, chiganizo chonena ngati reti ndi ya pamene munthu walipira kapena ya pamene wolandira watenga chimasanduka ndalama zenizeni.

Pali chaji ina imene sili m'pangano la achimwene n'komwe. Ndalama zikalowa mu Airtel Money kapena Mpamba, potapa mumadulidwa malinga ndi mitengo ya netiweki yanu. Imadulidwa yokha mu foni ndipo uthenga umakuuzani. Ajenti akapempha ina ya pamanja pamwamba pa imeneyo, apo ndiye mukhoza kukweza mawu.

Tibwere pa za limiti. Zipata zake n'ziwiri, china kwa wotumiza, china kwa inu, ndipo mawu oti zakanidwa sakuuzani kuti chatseka n'chiti.

Ku South Africa kuli lamulo lotchedwa FICA, lokakamiza makampani a zandalama kudziwa kasitomala wawo. Ndiye amaika anthu m'magulu. Wolembetsa ndi pasipoti yokha amaloledwa zochepa, wowonjezera umboni wa kumene akukhala kapena wa malipiro ake amakwezedwa. Malirewo amakhala pa kutumiza kamodzi, pa tsiku, ndi pa mwezi, ndipo wa mweziwu ndi umene umagwira anthu ambiri. Tiyerekeze kuti malire a achimwene ndi R5,000 pa mwezi, ndipo anatumiza kale R2,000 kwa inu ndi R1,500 kwa apongozi ku Bangula. Yatsala ndi R1,500 basi. Akayesa R3,000 ya malata ikanidwa, ngakhale kuti payokha ndi yochepera R5,000. Afunsenso kuti mwezi amauwerenga bwanji. Ena amayambiranso pa 1, ena amawerenga masiku 30 kubwerera m'mbuyo kuchokera lero, moti kwa achiwiriwa kudikira kuti mwezi usinthe sikuthandiza.

Chipata cha kwa inu ndi foni. Akaunti ya pa foni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi zimene ingayendetse pa tsiku. Ngati munali mutagulitsa thonje kapena mbuzi n'kusunga ndalamazo mu foni, za ku Joni zikhoza kulephera kulowa chifukwa zikadutsa malire. Kusiyanitsa n'kosavuta. Ngati achimwene anakanidwa asanalipire, vuto lili kwawo. Ngati analipira, ali ndi nambala ya oda, koma kwa inu kuli zii, yang'anani zimene zili mu foni mwanu, komanso ngati dzina analembalo likufanana ndi la pa chiphaso chanu cha unzika. Kwathu kuno munthu amadziwika ndi dzina la kwa amuna ake pamene pa chiphaso pali la bambo ake, ndipo zimenezi zokha zimaimitsa ndalama.

Ajenti akakuuzani kuti alibe zokwanira, imeneyo si limiti, ndi kabati yake chabe. Zimachitika kwambiri pa mapeto a mwezi komanso nthawi ya madzi osefukira misewu ikaduka. Pitani kwa wina, kapena tapani theka, podziwa kuti kutapa kawiri n'kudulidwa kawiri.

Wina adzauza achimwene kuti angotumiza kudzera pa akaunti ya mnzawo wa kuntchito. Asayerekeze. Mapangano amenewa amaletsa kubwereketsa akaunti, ndipo amapatsa kampani mphamvu yoimitsa ndalama ikakayikira. Zikaimitsidwa, wozibwezeredwa ndi mwini akauntiyo, osati achimwene, ndipo chaji ikhoza osabwerera. Njira yabwino ndi kupempha kukwezedwa gulu: afunse kampaniyo mapepala amene ikufuna, atumize, adikire kuti avomerezedwe. Ngati mmisiri akudikira kale, atumize sabata ino zimene malire atsala nazo mugulire mitengo ndi misomali, za malata zibwere gulu likakwera.