Pulinta ya inki ikakhalitsa osagwira ntchito

"Achemwali, inu mumaoda mapulinta kunja. Ine ndikufuna kuyamba geni yomweyi, koma ndamva kuti pulinta ya inki ikangokhala imauma. Nanga katundu akachedwa kutuluka mumatani?"

Achimwene, mwamva zoona, koma si pulinta iliyonse imene imauma. Yatsopano imene sinathiridwepo inki itha kukhala m'katoni mwake miyezi yambiri popanda vuto. Nkhawa imayamba tsiku limene inki yalowa mu hedi, kachipangizo kamene kamayenda uku ndi uku n'kumalavula inki papepala. Timabowo take n'tating'ono kuposa tsitsi, ndipo gawo lalikulu la inki ndi madzi. Madziwo akauluka, zotsalazo zimalimba n'kutseka timabowoto. N'chifukwa chake ine pulinta yatsopano sindiithira inki pofuna kuonetsa kasitomala amene sanalipire. Ndimasunga imodzi yoonetsera, ndipo imeneyo ndi imene ndimavutika nayo.

Poisunga imeneyo, chachikulu ndi kazimitsidwe. Mukadina batani lake lozimitsira, hedi imabwerera pakona n'kukakhala pa kamphira kamene kamaitseka kuti mpweya usalowe. Mukazula chingwe kukhoma isanamalize, kapena magetsi akathima ili pakati posindikiza, hedi imatsala pamtunda yosavundikira, ndipo ikatero siichedwa kuuma. Magetsi akabwera iyatseni, muidikire isiye phokoso, kenaka muizimitse ndi batani.

Kamodzi pa sabata, kapena mukatanganidwa pa masabata awiri, muzisindikiza tsamba limodzi lokhala ndi mitundu yonse. Kalata ya zilembo zakuda zokha siithandiza timabowo ta buluu, tofiira ndi tachikasu. Tsamba labwino ndi la Nozzle Check, loyesera timabowo limene pulinta imatulutsa yokha mukailamula, chifukwa limadya inki yochepa komanso limakuonetsani mmene hedi ilili. Pulintayo izikhala pamalo osafika dzuwa, yovundikiridwa ndi nsalu kuti fumbi lisalowe.

Tsopano pali mitundu iwiri ya mapulinta a inki, ndipo anthu ambiri amasokoneza pomwepa. Mapulinta ang'onoang'ono ambiri a HP ndi Canon, monga olowa katiriji ya HP 123 kapena Canon PG-445, hedi yawo ili pakatiriji pomwepo, kabokosi kamene kamasunga inki. Ikauma mumagula katiriji ina, pulinta n'kudzuka. Ngati ikhala miyezi osayatsidwa, mutha kuchotsa makatirijiwo n'kuwaika m'kontena yotseka bwino, pambali n'kuikapo kansalu konyowa, koma kasakhudze timabowo kapena tizitsulo ta magetsi ta pakatirijipo. Ma Epson a thanki, monga L3210, hedi yawo ndi ya pulinta yeniyeniyo, ndipo kuisintha kumadya ndalama moti ena amangoitaya. Amenewa musawakhuthule inki poganiza kuti mukusunga. Thanki ikatsika kupitirira mzere wam'munsi, mpweya umalowa m'timapaipi. Ponyamula, tsekani zivundikiro za thanki ndipo pulinta ikhale chilili, osaigoneka cham'mbali ngakhale kondakitala akakamire kuti malo achepa.

Tiyerekeze kuti L3210 yanu yakhala miyezi iwiri, ndipo tsamba la Nozzle Check latuluka mizere yakuda ili yodukaduka. Chitani Head Cleaning, kumene ndi kuilamula pulinta kuti itsuke hedi ndi inki, kamodzi, musindikizenso tsambalo, muyerekeze ndi loyamba. Mipata ikachepa, inki youma ikusungunuka. Ikakhala pamalo omwewo, timabowo timeneto tatsekeka ndithu. Ikamasuntha, ulendo uno apa ulendo wina apo, kawirikawiri ndi mpweya, ndipo kutsuka mobwereza sikuuchotsa msanga. Musapitirire katatu. Zikakanika, izimitseni ndi batani, ikhale maola 12 osasindikiza kuti timathovu tikhazikike, kenaka muyesenso. Power Cleaning, kutsuka kwamphamvu kwambiri, ikhale yomaliza, thanki zili ndi inki yokwanira. Inki yonse yotsukira imakathera m'thonje limene lili m'kati mwa pulinta, ndipo makinawo amawerengera. Akaona kuti ladzaza amakana kusindikiza mpaka lisinthidwe. Wotsuka kakhumi motsatizana amagulitsa pulinta yotsala pang'ono kuima, ndipo kasitomala adzabwerera kwa iyeyo.

Katiriji ya HP kapena Canon ikauma, nyowetsani kansalu kosathothoka ulusi ndi madzi ofunda osungunulidwa kuchokera ku nthunzi, mukhazike timabowo pamenepo kwa mphindi zingapo mpaka mitundu ioneke pansalupo, muipukute, muibwezere. Musaikakamize kusindikiza ili youma, chifukwa hedi zamtunduwu zimatenthetsa inki kuti ituluke, ndipo popanda inki zimapsa.

Za pulinta zogwirapo kale ntchito, ine sindilipira wogulitsa asanandisindikizire Nozzle Check ndili pomwepo. Akanena kuti inki yatha koma makina ndi abwino, ndimaiwerengera mtengo wa pulinta yakufa hedi, kapena ndimaisiya.