Mankhwala a TB anamaliza, nanga befuli likuchokera kuti?

"Abale ndithandizeni. Bambo a kunyumba akhala akukumba ndi kuphwanya miyala ya golide ku Makanjira zaka 7 tsopano. Mankhwala a TB amwa kawiri, makhololo akuti alibe kanthu, koma akangokwera kachitunda befu silileka. Wina akuti ndi matenda a fumbi la miyala. Zimenezi zimayezedwa bwanji?"

Achemwali, pepani ndi matendawa. Ine ndinagwirako ntchito yoyeza fumbi pa mgodi wina wa golide ku Joni ndisanabwerere kwathu kuno ku Mangochi, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso, koma wotsimikiza matenda a bambowo ndi dokotala amene awaone pamaso.

Matenda amene akunenawo dzina lake ndi silikosisi. Golide nthawi zambiri amakhala m'mwala woyera wolimba uja, ndipo mwalawo ndi silika pafupifupi wonse. Ukamausinja mu mtondo kapena kuugaya pa chigayo uli wouma, pamatuluka fumbi la mitundu iwiri. Lina ndi lija limayeretsa nsidze ndi tsitsi, limene limakodwa m'mphuno n'kutuluka ndi mamina. Loopsa ndi linalo, losaoneka n'komwe, limene limayandama m'mwamba kwa maola ambiri anthu ataleka kale kusinja. Limeneli limalowa mpaka kunsonga kwa mapapo, thupi limalephera kulisungunula, ndipo pamalo pamene lakhala pamabuka chipsera. Zipserazo zikachuluka mapapo amauma, safufuma bwino, n'chifukwa chake munthu amabanika pachitunda. Kawirikawiri zimatenga zaka 10 kapena kuposa, koma pamene fumbi ndi lambiri zedi, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Choncho zaka 7 za bambowo si zochepa ayi.

Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti matendawa amayenda limodzi ndi chifuwa chachikulu. Mapapo a silikosisi amagwidwa TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa a munthu wina, ndipo ngati pali HIV chiopsezo chimakwereranso. Pa chithunzi cha ekisileyi onse awiri amakonda kuonekera kumtunda kwa mapapo. Ndiye zimachitika kuti munthu amwa mankhwala miyezi 6, TB yatha ndithu, koma befu likadalipo chifukwa chipsera sichimva mankhwala a TB. TB yeniyeniyonso imasiya zipsera zake, choncho sindikunena kuti ndi silikosisi basi.

Pa mgodi wolongosoka sadikira kuti munthu atsokomole, amayamba ndi kuyeza mpweya. M'mawa ndinkamangirira kapampu kakang'ono pa lamba wa munthu woboola miyala, kapaipi n'kudutsa kumsana mpaka pa kolala, pafupi ndi mphuno. Pa kolalapo pamakhala kachipangizo kolekanitsa fumbi: lalikulu limagwera pansi, losalala lokhalokha ndi limene limakakamira pa kasefa. Kapampuko kamakoka malita 2.2 pa mphindi, ndiye pa maola 8 kamakhala kakoka malita oposa pang'ono 1,000, umene ndi mpweya wodzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse. Kasefako timakaika pa sikelo kasanapite ndiponso kakabwera, kenako ku labotale amaona kuti silika ndi wochuluka bwanji m'fumbilo.

Tiyerekeze kuti kasefa kalemera ndi mamiligalamu 2, ndipo a labotale apeza kuti gawo limodzi mwa magawo asanu ndi silika. Ndiye kuti munthuyo amapuma mamiligalamu 0.4 a silika m'bokosi lililonse la mpweya. Malire amene lamulo la ku America limalola ndi mamiligalamu 0.05 m'bokosi lomwelo. Mwaona, wapyola kasanu ndi katatu, chonsecho pa kasefapo ukayang'ana umangoona kabanga kotuwa pang'ono. Ine chinkandipweteka mtima n'chakuti ena ankavula kapampuko n'kukapachika pa msomali pamalo oyera kuti kasawalemere, zotsatira n'kutuluka zabwino, fumbi likadali pomwepo. Kuyeza tsiku limodzi sikukwananso, chifukwa tsiku limene madzi a pa choboolera athima silifanana ndi dzulo lake.

Kuyeza thupi kumabwera pambuyo pake. Munthu amajambulidwa pachifuwa polowa ntchito kuti pakhale chithunzi chofananitsira, kenako nthawi ndi nthawi, ndiponso potuluka ntchito. Wowerenga chithunzi amafuna timadontho tozungulira ting'onoting'ono kumtunda kwa mapapo onse awiri, n'kuyerekeza ndi zithunzi za muyezo za bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO. Palinso kupuma pa makina otchedwa sipiromita: umakoka mpweya wonse, n'kuuzira mwamphamvu mpaka kuthera, kosachepera katatu. Makinawo amaonetsa mpweya umene watuluka pa sekondi yoyamba ndi umene watuluka wonse. Koma ndikuuzeni zoona, achemwali, zonsezi zimaona matenda atalowa kale. Poyambirira chithunzi chikhoza kuoneka choyera ndipo sipiromita n'kunena kuti zili bwino, pamene fumbi lakhazikika kale mkati. Ndipo silikosisi imatha kupitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito.

Ku maenje a ku Makanjira, bambowo sanavalepo kapampu koteroko, ndikhulupirira. Ndiye chimene chingalowe m'malo mwake ndi mbiri ya ntchito yawo, ndipo iyi mutha kuilemba nokha usiku uno. Lembani chaka chimene anayamba, ngati ankalowa m'dzenje kapena ankasinja kunja, maola angati pa tsiku, miyala inali youma kapena yonyowa, komanso ngati anaphwanyako miyala ya kwale kapena kukumba malasha kwina, pakuti fumbi la malasha nalo lili ndi matenda ake. Pitani ndi pepalalo ku chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, makadi onse awiri a TB ndi zithunzi zakale ngati munasunga. Mukalowa musangoti akutsokomola. Nenani kuti akhala akupuma fumbi la miyala ya golide zaka 7, ndipo mukupempha ekisileyi ndi kuyezanso makhololo. Mawu amenewa amasintha mmene dokotala amawerengera chithunzi. Ayezetsenso HIV ngati papita nthawi. Akapezeka kuti ndi silikosisi ndipo TB palibe, funsani ngati akuyenera mankhwala oteteza ku TB.

Mankhwala ochotsa chipsera palibe, ndipo musataye ndalama kwa aliyense wolonjeza kutsuka mapapo. Mkaka nawonso suchotsa fumbi, umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo. Chimene chimathandiza ndi kuleka kuwonjezera fumbi lina, kusiya fodya ngati amasuta, ndi kuthamangira kuchipatala akayamba kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuonda kapena kulavula magazi.

Ndikudziwa kuti kunena kuti asiye ntchito n'kosavuta kwa ine, pamene ufa wa pakhomo panu ukuchokera komweko. Ngati sangathe kusiya lero, miyala aziithira madzi asanaiphwanye ndiponso pogaya, aziima mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo asamalowe m'dzenje fumbi lisanakhazikike. Kansalu komanga pamphuno ndi masiki a buluu aja a nthawi ya korona sizigwira fumbi losalalali. Pamafunika olembedwa N95 kapena FFP2, othina bwino pankhope, ndipo ndevu zimasiya mpata woti fumbi lilowe.

Ndipo inuyo, achemwali, ngati miyala ina imabwera kudzasinjidwa pakhomo, kapena mumakutumula zovala zawo musanachape, fumbi lomwelo mukupuma inu ndi ana. Zovalazo muzizinyika m'madzi musanazigwiregwire, ndipo tsiku lopita kuchipatala inunso muuze dokotala zimenezi.