Yankho kwa asuweni pa nkhani ya mudzi

"Asuweni, mnzanga wina wakuntchito ali ndi mudzi. Akachoka kuchimbudzi amamva ululu mpaka kulephera kukhala pampando, ndipo papepala pamaoneka timagazi. Ndikamugulire mankhwala opaka ati ku Limbe?"

Asuweni, ndamva. Mnzanu wakuntchitoyo ndikumudziwa bwino, chifukwa ndi yemwe uja anadya ataimirira pa chinkhoswe cha ku Machinjiri, n'kumanamizira kuti mipando inali yafumbi. Musachite manyazi, muno tili pachibale, ndipo ndilankhula ngati ndikulankhula ndi inuyo.

Ndisanafike pa za mankhwala, ndikukumbutseni za amalume a ku Bangwe, bambo anu aang'ono aja. Nkhaniyi amaifotokoza okha pagulu, choncho sindikuulula chinsinsi. Nthawi imene ankayendetsa lole ya ku Beira ija ankakhala pampando tsiku lonse, madzi osamwa poopa kuimaima panjira, chakudya chake buledi ndi nsima ya ufa woyera. Msana utayamba kuvuta anayamba kumwa tiramado, ndipo mankhwala amenewo, mofanana ndi kodini, amaumitsa chimbudzi kwambiri. Tsiku lina atadzikakamiza anamva ngati adulidwa ndi lezala. Chimene chinkawazunza kwenikweni sichinali kudulako ayi, koma moto umene unkatsatira pambuyo pake, mwina ola lathunthu, mwina kupitirira, mpaka kutuluka thukuta ali chigonere chammbali. Masana ululu unkazilala, n'kudzayambiranso m'mawa wotsatira akapita kuchimbudzi. Anayamba kuopa chimbudzi n'kumadzigwira masiku awiri kapena atatu, ndipo chikamadzabwera chinkakhala chouma kuposa kale, n'kung'ambanso pomwe paja.

Atagwira n'kupeza kanyama kolendewera panja, anatsimikiza kuti ndi mudzi. Anagula mankhwala opaka a mudzi n'kupaka miyezi ingapo popanda kusintha, pamene ambiri mwa mankhwala amenewo ali ndi siteroyidi, amene sayenera kupitirira sabata imodzi chifukwa amapepukitsa khungu. Kenaka munthu wina wa m'dera lawo anawauza kuti akhoza kukadula kanyamako ndi lumo, ndipo mukukumbukira mmene azakhali anakwiyira tsiku limene lija. Ndi iwo amene anawakokera kuchipatala chaching'ono, kumene anawalembera kalata yopita ku Kwinzi.

Dokotala sanalowetse n'chala chomwe, poti munthu wotere salola kukhudzidwa. Anangotambasula khungu pang'ono n'kuona mng'alu chakumbuyo, mbali yoloza kumsana, kumene ming'alu yambiri imapezeka. Anati ndi fisha, ndiye kuti khungu la m'kamwa mwa njira ya chimbudzi lang'ambika, ndipo kanyama kaja ndi khungu limene limamera kumapeto kwa bala lokhalitsa, si mudzi ayi. Anawafotokozera kuti pali mnofu wozungulira umene umatseka njirayo, ndipo bala likakhudzidwa mnofuwo umakungika n'kukana kumasuka. Kukungikako ndiko kumabweretsa moto wotenga nthawi uja, komanso kumafinya timitsempha totengera magazi pabalapo, n'chifukwa chake silipola.

Anawapatsa laktulozi wofewetsa chimbudzi, ndi mankhwala opaka otchedwa GTN, opaka pang'ono chabe kawiri patsiku kwa masabata 6 mpaka 8, amene ntchito yake ndi kumasula mnofu uja. Mutu unkawapweteka akangopaka, zimene zimachitika kwa ambiri, ndipo panado ankathandiza. Koma ululu utangosiya m'sabata yachiwiri, ayi, ndinene bwino, utachepa, poti sunasiyiretu, iwo analeka kupaka n'kubwerera pamsewu, ndipo mng'alu unatsegukanso. Ulendo wachiwiri anamaliza masabata onse, ndipo anapulumuka opaleshoni imene dokotala anali atatchula, yodula pang'ono mnofu uja kuti umasuke. Opaleshoniyo imachiritsa anthu ochuluka kwambiri, koma ena amatsala akuvutika kugwira mpweya, n'chifukwa chake madokotala sathamangira kumeneko.

Eya, ndabwerera kwa inu tsopano. Zimene mwafotokozazo sizikumveka ngati mudzi, asuweni, zikumveka ngati mng'alu wa amalume uja. Mudzi ndi mitsempha yotupa, ndipo wa m'kati nthawi zambiri supweteka, chifukwa umakhala pamwamba pa malo amene khungu limamva kudula. Umadziwika ndi magazi ofiira odontha kapena othovoka m'chimbudzi popanda ululu, kuyabwa, chinyezi, kapena chinthu chofewa chimene chimatuluka munthu akadzikakamiza n'kubwerera chokha, mwina mpaka kuchita kuchibweza ndi chala. Mudzi wopweteka ulipo, makamaka wa kunja magazi akaundana m'kati mwake, koma ululu wake ndi wina. Pamatuluka mwadzidzidzi chotupa cholimba chakuderako, chimapweteka usana ndi usiku kaya mwapita kuchimbudzi kaya ayi, chimafika poipa m'masiku awiri kapena atatu oyamba, kenaka chimaphwa pang'onopang'ono m'sabata imodzi kapena awiri. Ululu umene umadzutsidwa ndi chimbudzi, n'kuyaka pambuyo pake, n'kuzilala mpaka ulendo wotsatira, umenewo umaloza kumng'alu.

Chithandizo chimayambira pamodzi, pofewetsa chimbudzi, koma chimasiyana patsogolo. Mudzi wa m'kati ukakanika amaumanga ndi kamphira kuti ufote n'kugwa, kapena amauchotsa pa opaleshoni, pamene mng'alu umafuna kuti mnofu umasuke ndi GTN kapena dilitiyazemu wopaka. Mankhwala a mudzi amene mukufuna kukagula ku Limbe akhoza kuziziritsa pang'ono, koma mnofu uja saumasula.

Kuyambira lero idyani mgaiwa, nyemba, nandolo, bonongwe, therere ndi mapapaya, ndipo madzi azikwana pafupifupi malita awiri patsiku. Muzikhala m'beseni la madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi 10 mpaka 15 mukangochoka kuchimbudzi, chifukwa kufundako kumamasula mnofu. Muzitawasa ndi madzi m'malo mokhula ndi pepala, ndipo foni yanu ija izitsala panja, poti tonse tikudziwa kuti mauthenga ambiri a m'gulu lino mumayankhira kumeneko. Pa ululu imwani panado, osati tiramado kapena kodini. Mng'alu watsopano nthawi zambiri umapola ndi zimenezi, koma ukadutsa masabata 6 wasanduka wokhalitsa, ndipo kuchokera pachinkhoswe paja ndikuona kuti nthawiyo yakwana kale.

Ndiye ndikubwereza, musagule kanthu musanaonedwe, chifukwa ine ndangomva mawu, sindinaone. Magazi a kumeneko ali ndi magwero enanso. Ngati akusakanikirana ndi chimbudzi kapena ndi akuda, ngati mukuonda, kapena kachitidwe ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, ayenera kufufuza m'matumbo, makamaka pa msinkhu wanuwo wodutsa zaka 40. Ngati ululu ukugunda osalekeza, pamodzi ndi kutentha thupi kapena mafinya, chimenecho chikhoza kukhala chithupsa, ndipo mupite tsiku lomwelo. Akapeza mng'alu cham'mbali kapena ming'alu ingapo, musadabwe akapempha kuyeza HIV, chindoko kapena TB, ndi mmene amachitira kwa aliyense. Akakulemberani GTN, muwauze ngati mumamwa mankhwala aliwonse owonjezera mphamvu za abambo, chifukwa akaphatikizana magazi amatha kutsika moopsa.

Mukakafika musakanene kuti "ndili ndi mudzi", asuweni. Mukanene nthawi imene ululu umayamba, kutalika kwake, ndi pamene magazi amaoneka, popeza zimenezo ndi zimene zidzasiyanitse ziwirizi. Lolemba m'mawa ndidzakudutsirani ku Ndirande kuti tikayambire kuchipatala chaching'ono, ndipo musaiwale buku lanu lakuchipatala.