Kandulo wa m'khutu sachotsa phula

"Khutu langa lakumanja latseka, ndikumva ngati ndili m'madzi. Ndaona makanema a makandulo oyatsa m'khutu, akamaliza amaonetsa nyansi zambirimbiri zimene zatuluka. Kodi ndigule?"

Musagule, achemwali. Nyansi mwaonazo sizichokera m'khutu. Kanduloyo ndi nsalu yonyikidwa m'phula la njuchi kapena la parafini, yopindidwa ngati paipi, yotalika masentimita pafupifupi 25. Akamayaka kwa mphindi 10 mpaka 15, phula lake limasungunuka, kusakanikirana ndi mwaye ndi phulusa la nsalu, n'kuundana kumunsi. Ndi zofiirira zimene amaonetsa akang'amba kachidutswa kotsalako. Amene ali naye kale kunyumba ayese: amuimike m'botolo lopanda kanthu, amuyatse, akazima amung'ambe. Apeza nyansi zomwezo, khutu palibe.

Ogulitsa amati motowo umakoka mpweya ndipo mpweyawo umayamwa phula. Madokotala a makutu ku America anayeza zimenezi, n'kufalitsa zotsatira mu 1996. Sanapeze mphamvu yoyamwa ngakhale pang'ono. Pa makutu 8 amene anayesapo, palibe limene linachoka phula, m'malo mwake ena anatsala ndi phula la kandulo m'kati. Atafunsa madokotala anzawo 122, anamva za kuvulala kwa makutu kokwana 21 chifukwa cha makandulowa. Ndipo tangoganizani: phula la m'khutu ndi lomata kwambiri, ndiye mphamvu yoti ilizule ingathenso kung'amba nembanemba ya m'khutu.

Ngalande ya khutu ndi yaifupi, masentimita awiri ndi theka basi, ndipo imathera pa nembanemba yopyapyala ija. Munthu akagona chammbali kandulo ali chilili, chilichonse chodontha chimalunjika komweko. Phula lotentha limaotcha khungu la m'ngalande, limaumira pa nembanemba, nthawi zina kuiboola, ndipo kulichotsa kumafuna dokotala wa makutu. Kambale kapepala kamene amaika pakati kamangotchinga nkhope ndi tsitsi, sikaletsa zodontha m'kati mwa paipi. Mu 2010 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America linachenjeza anthu kuti asawagwiritse ntchito, ngakhale motsatira malangizo a papaketi. Zoti amachiza chimfine kapena kuchotsa poizoni m'thupi ndi nkhambakamwa, chifukwa nembanemba ili chitsekere njira, utsi sudutsa.

Timitengo tathonje nato n'chimodzimodzi: timatuluka ndi kaphula pang'ono, kotsalako timakankhira m'kati n'kukatsendera. Tisupuni tochotsera phula m'khutu tokhala ndi kamera yolumikizidwa ku foni timapusitsa, pakuti foni imakuonetsani chithunzi koma osati kuti mwalowa patali bwanji, ndipo mwana akangokugundani chigongono, nembanemba yapita.

Phulalo si uve ayi. Limapangidwa chakukhomo kwa ngalande, limagwira fumbi ndi kuteteza khungu kuti lisaume. Khungu la m'ngalande limasendera lokha kunja pang'onopang'ono litanyamula phula lakale, ndipo kutafuna ndi kuyankhula kumathandizira. Anthu ambiri amangofunika kupukuta kunja ndi kansalu konyowa.

Tsono za khutu lanulo. Ngati silikupweteka, silikutuluka mafinya kapena magazi, simunachitidwepo opaleshoni ya khutu ndipo simunauzidwepo kuti nembanemba inabooka, yesani kufewetsa phulalo. Gonani khutu lotsekalo lili m'mwamba, donthezanimo madontho awiri kapena atatu a mafuta a olivi osatenthetsa, n'kukhala choncho mphindi 5 mpaka 10. Mukadzuka pukutani otulukawo, koma musatsekemo thonje chifukwa limamwa mafuta onse. Chitani zimenezi katatu pa tsiku kwa masiku atatu mpaka asanu. Masiku oyambirira khutu likhoza kutseka kwambiri popeza mafuta adzaza timipata totsala, musadabwe. Phula limatuluka lokha tizidutswatizidutswa, nthawi zambiri usiku, ndipo zingatenge milungu iwiri.

Ikatha milungu iwiriyo osasintha, pitani kuchipatala akaunikemo ndi katochi kawo. Akapezadi phula amalitsuka ndi madzi ofunda ngati thupi, kapena kuliyamwa ndi kamakina akuona chimene akuchita. Kufunda kwa madziko n'kofunika: ozizira kapena otentha kwambiri amachititsa chizungulire, n'chifukwa chake sitilimbikitsa kudzipopera nokha ndi sirinji.

Koma kutseka kwa khutu sikuti nthawi zonse ndi phula. Pambuyo pa chimfine, madzi amatha kudzadza kuseri kwa nembanemba, kumene dontho lililonse silifika. Ndipo ngati khutulo langosiya kumva mwadzidzidzi, makamaka likulira kapena mukumva chizungulire, musataye nthawi ndi mafuta. Pitani lero lomwe, chifukwa vutolo likakhala la mtsempha womvera, mankhwala ake amathandiza akayambidwa m'masiku oyambirira.