Chilembo cha ŵ chasanduka kabokosi ndipo tebulo lasefukira: kukonza chikalata chosokonekera posandutsidwa PDF

“Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a mpunga. Ndinalemba lipoti la pachaka la masamba 24 mu Word pa laputopu yanga, ndipo ndinalitengera pa fulashi ku sitolo yosindikiza mapepala kuti akalisandutse PDF. Litatuluka, ŵ wa m'mawu akuti Malaŵi wasanduka kabokosi m'mitu yonse, tebulo la ndalama lasefukira kudzanja lamanja, ndipo amene ndinawatumizira akuti masamba ena ndi aafupi kuposa anzawo. Kodi ndinalakwitsa pati?”

Mayi, zikomo chifukwa cha imelo yanu. Vuto lalikulu linayamba pamene fayilo ya Word inachoka pa kompyuta imene inalembedwa n'kukatsegulidwa pa kompyuta ina. Fayilo ya Word siisunga malo enieni a mzere uliwonse; imasunga mawu pamodzi ndi malangizo onena za fonti, kukula kwa pepala ndi mipata ya m'mphepete, ndipo kompyuta iliyonse yoitsegula imayala masambawo mwatsopano pogwiritsa ntchito mafonti amene ili nawo. PDF ndi yosiyana, chifukwa imakhomerera chilembo chilichonse pamalo pake. Choncho PDF yanu yangosunga mokhulupirika mmene kompyuta ya ku sitoloyo inayalira lipotilo, ndipo kuyesa kukonza PDF yeniyeniyo n'kutaya nthawi. Bwererani ku fayilo ya Word pa laputopu yanu, ndipo mukonze motsata ndondomeko iyi: pepala poyamba, kenako fonti, tebulo pomaliza. Ndikutsindika ndondomekoyi chifukwa mukayamba ndi tebulo, kusintha pepala pambuyo pake kudzalisunthanso.

Pepala la A4, lomwe timagwiritsa ntchito m'maofesi ndi m'masukulu kuno kwathu, ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Pepala la Letter, lomwe limagwiritsidwa ntchito ku Amereka ndi ku Kanada, ndi la mamilimita 215.9 m'lifupi ndi 279.4 m'litali, kutanthauza kuti ndi lotambalala pang'ono ndi mamilimita 5.9 koma lalifupi ndi mamilimita 17.6. Malaputopu ambiri amene timagula, makamaka ogwiritsidwapo kale ntchito, amabwera ndi Word yokhazikitsidwa pa Letter, ndipo munthu amatha kulemba zaka zingapo osazindikira. Mfundo yakuti masamba ena okha ndiwo aafupi ikundiuza kuti lipoti lanu lili ndi zigawo zingapo zolekanitsidwa ndi Section Break. Mu Word chigawo chilichonse chimakhala ndi kukula kwa pepala kwakekwake, ndiye ndikuganiza kuti wa ku sitoloyo anasankha A4 ali pachigawo chimodzi, zigawo zina n'kutsalira pa Letter. Kuti musinthe zonse pamodzi, pitani pa Layout, Size, More Paper Sizes, sankhani A4, ndipo m'kabokosi ka Apply to musankhe Whole document. Ngati muli ndi masamba ogona chammbali, aoneninso pambuyo pake kuti atsalabe chogona.

Tsopano nkhani ya ŵ, imene imandikhudza kwambiri chifukwa anthu ambiri asiya kulemba chilembochi poganiza kuti makompyuta sachidziwa. Amachidziwa bwino lomwe. Chili ndi nambala yakeyake m'ndandanda wa zilembo za padziko lonse wa Unicode: chaching'ono ndi U+0175, chachikulu ndi U+0174, ndipo anthu olankhula chinenero cha ku Wales amachigwiritsanso ntchito. Mu Word mukalemba U+0175 n'kudina Alt+X nthawi yomweyo, nambalayo imasanduka ŵ. Chimene chimasowa si chilembocho, koma chojambula chake mu fonti imene mwasankha. Mafonti odziwika monga Times New Roman, Arial ndi Calibri ali nacho, pamene mafonti ambiri okometsera, amene anthu amakonda kuika m'mitu, ali ndi zilembo za Chingerezi zokha. N'chifukwa chake m'mitu ndi momwe mwaonongeka, pamene m'ndime za pansi pake muli bwinobwino. Pa laputopu yanu Word inkabisa vutoli pobwereka ŵ ku fonti ina mwakachetechete, ndipo mukayang'anitsitsa mutha kuona kuti chilembocho n'chosiyana pang'ono ndi zinzake m'makulidwe. Pa kompyuta ina kubwerekako kukalephereka, pamatsala kabokosi kopanda kanthu.

Pali njira yachidule yodziwira mtundu wa vutoli. Tsegulani PDF ija, sankhani mawu okhala ndi kabokosiko, akopeni n'kuwamata mu Notepad. Ngati atuluka ndi ŵ wake, chilembocho chilimo ndipo cholakwika ndi fonti yokha. Ngati mu PDF mukuoneka chizindikiro cha funso kapena zilembo ziwiri zachilendo m'malo mwa ŵ, ndiye kuti chilembocho chinaonongeka kale panjira, kawirikawiri chifukwa chakuti mawuwo anadutsa m'pulogalamu kapena m'fayilo yosasunga Unicode moyenera, ndipo muyenera kuchilembanso. Kwa inu ndikukhulupirira kuti ndi vuto loyambalo. Musasinthe mutu umodziumodzi. Dinani kumanja pa Heading 1 m'gulu la Styles, sankhani Modify, ndipo musinthe fontiyo kamodzi kokha kuti mitu yonse itsatire.

Fonti ya m'ndime nayonso muione. Kuyambira mu 2007 Word inkayamba ndi Calibri, koma mu 2023 Microsoft inalengeza kuti Aptos ndiyo ilowe m'malo mwake, ndipo kompyuta yokhala ndi Office yakale nthawi zambiri siikhala nayo fonti imeneyi. Ikasowa, Word imaika ina m'malo mwake popanda kukufunsani. Zilembo za fonti yolowa m'maloyo zikakhala zonenepa ngakhale pang'ono chabe, mawu omaliza a mzere amatsikira pamzere wotsatira, ndime imatalika, ndipo kusunthako kumaunjikana tsamba ndi tsamba mpaka mutu wa chaputala utatsalira pansi penipeni pa tsamba. Zimenezi zimachitikanso fayilo ikatsegulidwa pa foni kapena ikaponyedwa pa masamba a pa intaneti osandutsa mafayilo mwaulere. Masamba amenewo sindiwalimbikitsa n'komwe pa lipoti lokhala ndi ndalama ndi mayina a mamembala, chifukwa mumakhala mutapereka zinsinsi za gulu kwa anthu amene simukuwadziwa.

Tiyeni tiwerengere tebulo lija. Word imasiya mpata wa masentimita 2.54 mbali iliyonse ya tsamba ngati simunasinthe. Pa Letter malo olembamo amakhala masentimita 16.51 m'lifupi, pamene pa A4 amakhala 15.92. Tebulo lopangidwa pa Letter ndi miyeso yokhazikika silichepa lokha pepala likasintha, ndiye limalowa mumpata wa kumanja ndi masentimita 0.59. Pamenepo limangooneka lopendekera mbali imodzi, koma palibe chodulidwa. Ngozi yeniyeni imabwera ndi tebulo lokopedwa ku Excel, lomwe limabwera ndi miyeso yake. Tiyerekeze kuti lanu lili ndi makolamu 7, iliyonse ya masentimita 2.6, onse pamodzi ndi 18.2. Likayambira pa 2.54 kuchokera kumanzere, limathera pa 20.74. Pa Letter panatsala masentimita 0.85 kuti lifike kumapeto kwa pepala, ndipo simunaone chodandaulitsa. Pa A4 patsala 0.26 okha, ndipo popeza makina osindikizira ambiri safika pa mamilimita angapo a m'mphepete mwenimweni, manambala omaliza a kolamu ya kumanjayo akhoza kudulidwa. M'lipoti la ndalama kolamu imeneyo ndiyo imakhala ya chiwonkhetso, ndipo ziro mmodzi akadulidwa, msungichuma ndiye amavutika kufotokoza pamsonkhano.

Kukonza kwake n'kosavuta. Dinani m'kati mwa tebulo, pitani pa Layout ya tebulolo, sankhani AutoFit kenako AutoFit Window, ndipo lidzadzikwanitsa pakati pa mipata iwiriyo. Makolamu 7 ogawana masentimita 15.92 amakhala pafupifupi 2.27 iliyonse. Ngati manambala a makwacha akuthyoka pawiri, chepetsani zilembo za m'tebulo kufika pa 10, kapena liikeni pachigawo chakechake chogona chammbali, pomwe malo olembamo amafika masentimita 24.62. Kenako tsegulani Table Properties. Pansi pa Text wrapping sankhani None, chifukwa tebulo lokhala pa Around limayandama ndipo ndi limene limakonda kukwera pamwamba pa mawu kapena kudumphira patsamba lina. Pa Row chotsani chizindikiro pa Allow row to break across pages kuti mzere umodzi usagawike pamasamba awiri, ndipo pamzere wa mitu muike chizindikiro pa Repeat as header row at the top of each page.

Musanasandutse, dinani Ctrl+Shift+8 kuti muone zizindikiro zobisika. Mukapeza zizindikiro za ¶ zambiri zondondozana popanda mawu, ndiye kuti munakankhira chaputala patsamba latsopano podina Enter kambirimbiri. Mizere yopanda kanthu imeneyo imayenda pamodzi ndi mawu, ndipo ndiyo imabweretsa masamba oyera pakati pa lipoti. Ifufuteni yonse, ndipo m'malo mwake mudine Ctrl+Enter kamodzi.

Zimenezi zikatha, sandutsani nokha pa laputopu yanu. Pitani pa File, Save As, sankhani PDF, kenako dinani Options n'kuika chizindikiro pa PDF/A compliant. Pa Word yakale pamalembedwa ISO 19005-1 compliant (PDF/A). Mtundu umenewu wa PDF unapangidwira kusunga zikalata kwa nthawi yaitali, ndipo umafuna kuti fonti iliyonse iphatikizidwe m'fayilomo, kotero woilandira sadalira mafonti a pa kompyuta yake. Ndimakonda njirayi kuposa Microsoft Print to PDF, chifukwa yachiwiriyo imadzionetsa ngati makina osindikizira ndipo imatha kutsatira pepala losankhidwa pa makinawo m'malo mwa la chikalata chanu. Malire ake ndi akuti mafonti ena ali ndi chilolezo choletsa kuphatikizidwa. Fonti yotere ndi bwino kungoisiya n'kusankha ina. Ngati n'kofunikadi kutumiza fayilo ya Word yeniyeniyo kuti wapampando awonjezeremo mawu, pitani pa File, Options, Save n'kusankha Embed fonts in the file, podziwa kuti fayiloyo idzalemera.

Chotsala n'kutsimikizira musanatumize. Tsegulani PDF yatsopanoyo mu Adobe Acrobat Reader n'kudina Ctrl+D. Pa Description muwerenge Page Size: A4 imaonetsa 8.27 x 11.69 in, pamene Letter imaonetsa 8.50 x 11.00 in. Muyesowu ndi wa tsamba limene mwaimapo, choncho muubwereze pachigawo chilichonse cha lipotilo. Pa Fonts, dzina lililonse likhale ndi mawu akuti Embedded kapena Embedded Subset pambali pake. Pomaliza dzitumizireni fayiloyo pa foni, mutsegule tsamba la mutu ndi la tebulo la ndalama, ndipo ku sitolo kuja mukawapemphe kuti asindikize pa Actual size, tsamba la tebulolo lokha poyamba, muone kolamu ya chiwonkhetso musanalipire masamba onse.