Yankho la malume pa mawu aja akuti "kaladi"

"Malume, kuntchito kwathu kuno ku Kasungu kwabwera mayi wina wa ku Amereka, woyererako khungu. Pa gulu la WhatsApp ndinalemba kuti ndi coloured, ndiye chilembereni sakundiyankhula. Ndalakwa chiyani, poti inuyo ku Kepitauni mumatero tsiku ndi tsiku?"

Eee mwana wa mlongo wanga, ndaumva uthenga wako. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kungachuluke. Mtima wako sunalakwe, koma mayiyo wapwetekedwa zenizeni, usamuone ngati wamatama ayi.

Kuno n'zoona timatero. Munthu amachita kudziguguda pachifuwa kuti ine ndine mkaladi. Ngakhale pa kalembera wa boma bokosi lake lilipo, ndipo mu 2022 anapezeka kuti ndi anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse m'dziko muno la South Africa. Koma kuno mkaladi si mwana wa mzungu ndi munthu wakuda chabe monga timanenera kwathuko. Ndi anthu a mbiri yawoyawo, ochokera kwa Akhoi, amene ndi eni nthaka akale a kuno, kwa akapolo amene Adatchi ankabwera nawo kuchokera ku Madagasika, ku Indiya ndi ku Indoneziya, komanso kwa azungu. Ambiri pakhomo amayankhula Chiafirikanzi. Makolo onse awiri akaladi, agogo akaladi.

Ndipo usaganize kuti dzinali linabwera mwamtendere. Boma la tsankho ndi limene linalikhomera m'malamulo mu 1950, pogawa anthu m'magulu. Akakayikira munthu ankatha kumulowetsa pensulo m'tsitsi, ikagwa kapena ikakakamira, n'kumuweruza kuti ndi wa gulu liti. Abale a bere limodzi ankasiyanitsidwa choncho. Lamulolo linathetsedwa mu 1991, dzina n'kutsala, ambiri n'kulitenga kukhala lawo. Ena mpaka lero amalikana, amati ndi dzina la atsamunda. Ndiye ngakhale kuno ine ndimayamba ndamva mwiniwake akudzitchula.

Tsono ku Amereka, Chingerezi chomwecho, mawu omwewo, angochotsa chilembo chimodzi n'kumalemba colored. Kumeneko mawuwa sankanena za osakanizika magazi, ankanena munthu wakuda aliyense, ndipo ankakhala pa zikwangwani. Mpopi wa madzi akumwa uwu wa azungu, uwo wa akaladi. Chimbudzi, chipinda chodikirira sitima, mipando ya m'basi, chimodzimodzi. Mayi Rosa Parks aja anamangidwa ku Montgomery mu 1955 chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando. Lamulo lothetsa tsankho la m'malo ngati amenewa linabwera mu 1964. Waona kuyandikira kwake? Agogo ake a mnzakoyo mwina anamwapo pa mpopi umenewo. Iwe unkafotokoza khungu, iye anaona chikwangwani.

Pali chachiwiri, ndipo ine ndikuona kuti n'chimene chinamubaya kwambiri. Kwawoko munthu woyererako, ngakhale amene kholo lake limodzi ndi mzungu, kawirikawiri amadziwerenga kuti ndi wakuda. Obama mayi ake anali mzungu, koma dziko lonse limati pulezidenti woyamba wakuda. Ndiye mayi wauluka ulendo wonsewo kubwera ku Afirika, mwina mumtima akuti ndafika kwa makolo, n'kulandiridwa ndi mawu omuuza kuti si mmodzi wa ife. Tangoganiza.

Chimasokoneza n'chakuti iwo omwewo amalemba people of color popanda vuto, ndipo bungwe lawo lakale lomenyera ufulu, NAACP, la mu 1909, likadali ndi mawu omwewo m'dzina lake. Usatengere pamenepo. Dzina la bungwe ndi la nthawi imeneyo, analisunga dala. Iwe kumuloza munthu wamoyo lero ndi nkhani ina.

Zoterezi zinamugweranso Tyla, woyimba wa ku Joni uja. Atatchuka mu 2023 Aamereka anamva kuti amadzitcha mkaladi, mkangano unabuka pa intaneti, iwo akuti akukana ukuda wake, a kuno akuti musatiphunzitse dzina lathu. Mu 2024 anachita kufotokoza kuti kwawo ndi mkaladi, kwina amawerengedwa kuti ndi mkazi wakuda.

Ndiye mawa chita izi. Uthenga uja ufufute pagulupo, koma kupepesa usapepesere pagulu, ungamuike pa mbalambanda kachiwiri. Mupeze payekha nthawi yopuma. Yamba ndi pepani, osati ndi "kwathu timatero". Umuuze kuti sunkadziwa kulemera kwa mawuwo kwawo, ndipo tsopano wadziwa. Za Kepitauni ufotokoze pokhapokha iye akafunsa chifukwa chake unatero. Ukafuna kulemba za iye tsiku lina, dzina lake likukwana, ndipo ngati mtundu ukufunikadi lemba Black kapena African American. Mawu ngati mixed usayambe ndiwe, dikira atchule yekha. Akapanda kumasuka tsiku lomwelo usamuumirize, ingopitiriza kumupatsa moni m'mawa uliwonse. Ndipo uwatsine khutu anzako a muofesimo, chifukwa ndikudziwa kuti si iwe wekha amene umamutchula choncho.